Bandi A siisintha: kuwerenga mizere ya mu sakomiya mnofu ukamakungika

Ophunzira bayoloje ambiri kuno ku Kasungu, a kusekondale ndi amene akulakalaka unamwino omwe, amatha kunena pamtima kuti mnofu ukafupika, pa mizere imene imaoneka m'kati mwake pa mayikulosikopu, bandi I imachepa, chigawo H chimachepa, mizere Z imayandikana, koma bandi A imakhala chimodzimodzi. Yankho limeneli ndi loona. Vuto limabwera wofunsa akalitembenuza funsolo, n'kupereka zithunzi ziwiri kuti munthu anene chimene chili cha mnofu wokungika, kapena n'kufunsa kukula kwa chigawo H pamene sakomiya, kachigawo kakang'ono ka m'kati mwa mnofu momwe muli mizere imeneyi, yatalika mwakutimwakuti. Apa woloweza amangoti kakasi. Chikhalirecho, mabandi onsewa amachokera ku zinthu ziwiri zokha zimene utali wake susintha, ndipo munthu amene wazigwira ziwirizo atha kupeza china chilichonse ndi masamu a ku pulayimale.

Tiyambire pa zimene maso amaona. Nyama ya ng'ombe ikapsa bwino mumphika, mukaing'amba ndi zala imagawanika m'timitsitsi tatitali toyenda mbali imodzi. Timitsitsi timeneto ndi mitolo ya maselo a mnofu. Selo limodzi la mnofu ndi lalitali koma loonda ngati tsitsi, mwinanso kuposa apo, ndipo m'kati mwake mwadzaza tizingwe tambirimbiri togonera limodzi, totchedwa mayofayibulo. Kachingwe kalikonse ndi mndandanda wa tizigawo tofanana tolumikizana kumutu ndi kumchira, ndipo kachigawo kamodzi ndiko sakomiya. Utali wake mnofu ukamapuma ndi mamayikiromita awiri ndi pang'ono. Mayikiromita imodzi mumaipeza mukagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000, choncho mu milimita imodzi ya mnofu mumandandalika masakomiya oposa 400.

Malire a sakomiya ndi mizere Z iwiri, wina kumanzere wina kumanja. Pachithunzi umaoneka ngati mzere, koma kwenikweni ndi kambale ka mapuloteni kodula kachingwe konse mopingasa. Pa kambaleka pamangirirapo maulusi oonda, opangidwa makamaka ndi puloteni yotchedwa akitini, ndipo amaloza m'kati mwa sakomiya kuchokera mbali zonse ziwiri. Pakati penipeni pa sakomiya pagona maulusi onenepa, opangidwa ndi mayosini. Awa safika pa mzere Z. Amagwirana okhaokha pakati pawo pa mzere M, ndipo chimene chimawasunga kuti asasochere n'kupita mbali imodzi ndi puloteni yaitali yotamuka yotchedwa taitini, imene imachokera pa mzere Z mpaka pa mzere M. Nsonga za maulusi oonda zimalowa m'mipata ya maulusi onenepa.

Manambala awiri oyenera kuwasunga ndi awa. Ulusi wonenepa ndi wotalika pafupifupi mamayikiromita 1.6. Ulusi woonda, mu mnofu wa chule umene mabuku ambiri amatengerako miyezo yawo, ndi wotalika pafupifupi mayikiromita 1.0.

Mabandi ndi mithunzi chabe

Apa ndi pamene ambiri amaphonyera. Mzere Z ndi chinthu chenicheni, mzere M ndi chinthu chenicheni, maulusi ndi zinthu zenizeni. Koma bandi A, bandi I ndi chigawo H si zipangizo zoti mungazichotse n'kuziika pambali. Ndi maina a malo, ndipo malowo amadziwika ndi mtundu wa ulusi umene ulipo kapena umene palibe.

Bandi A ndi malo onse amene pali ulusi wonenepa, kuyambira nsonga ina mpaka inzake, kaya pambali pake pali ulusi woonda kaya palibe. Imaoneka yakuda chifukwa pali puloteni yambiri. Bandi I ndi malo amene pali ulusi woonda wokha, n'chifukwa chake imaoneka yowala. Chigawo H chili m'kati mwa bandi A, pakati pake, pamene pali ulusi wonenepa wokha chifukwa nsonga za maulusi oonda sizinafikepo; n'choderako poyerekeza ndi bandi I koma n'chowalirapo poyerekeza ndi m'mphepete mwa bandi A momwe mitundu iwiriyo yalowana.

Pali kanthu kena kamene kamalandisa anthu malikisi. Mzere Z umadutsa pakati pa bandi I, kotero bandi I imodzi ndi ya masakomiya awiri oyandikana. Mu sakomiya imodzi muli theka la bandi I kumanzere, bandi A yathunthu pakati, ndi theka lina la bandi I kumanja. Mukaona chithunzi n'kuyeza kuchokera pa mzere Z mpaka pamene kuda kwayambira, mwayeza theka lokha.

Anyamata akafuna mango a kunsonga kwa mtengo amamanga nsungwi ziwiri ndi luzi, ina kupitirira pa inzake. Akafuna mtengo wothyolerawo ukhale waufupi, samadula nsungwi. Amamasula luzi n'kuzilowetsana kwambiri. Sakomiya imafupika mwa njira yomweyi. Maulusi oonda amakokedwera pakati, n'kumatsetsereka m'mbali mwa onenepa, ndipo pobwera amakoka mizere Z imene amangirirapo. Popeza bandi A ndi utali wa ulusi wonenepa basi, ndipo ulusiwo sunafupike, bandi A siingasinthe. Bandi I ndi mbali ya ulusi woonda imene yatsala kunja, ndiye ulusiwo ukamalowa, yotsala kunjayo imachepa. Chigawo H ndi mpata wa pakati pa nsonga za maulusi oonda a kumanzere ndi a kumanja, ndiye nsongazo zikamayandikana mpatawo umatsekeka.

Tiwerengere limodzi

Titche utali wa sakomiya, kuchokera pa Z kufika pa Z, kuti L. Tikanyalanyaza kukhuthala kwa mzere Z weniweniwo, kumene n'kochepa, masamu ake ndi awa, onse mu mamayikiromita:

```
A = 1.6
I = L - 1.6
H = L - 2.0
```

Nambala ya 2.0 yachokera pa maulusi oonda awiri, wa kumanzere ndi wa kumanja, uliwonse 1.0.

Tenganitu sakomiya yotalika 2.4. Bandi A ndi 1.6. Bandi I ndi 0.8, kutanthauza 0.4 mbali iliyonse. Chigawo H ndi 0.4. Ulusi woonda uliwonse uli ndi 0.4 kunja ndi 0.6 m'kati mwa bandi A. Tsopano sakomiya ifupike kufika 2.2. Bandi I yatsika kufika 0.6, chigawo H chatsika kufika 0.2. Taonani kuti sakomiya yataya 0.2, bandi I yataya 0.2, chigawo H chatayanso 0.2. Zitatuzi zimachepa ndi mlingo umodzi nthawi zonse, malingana ngati chigawo H chikadalipo, ndipo amene wazindikira zimenezi safunikanso kuloweza. Ikafika 2.0, nsonga za maulusi oonda zakumana pa mzere M, chigawo H chatha, koma bandi I ikadali ndi 0.4. Chigawo H ndicho chimayamba kutha, bandi I imatsatira pambuyo.

Nanga ikapitirira? Pa 1.8 maulusi oonda a mbali ziwirizo adutsana ndi 0.2 pakati. Malo amene kale anali owalirapo tsopano ali ndi ulusi wonenepa kuphatikiza maulusi oonda a mbali zonse, motero pachithunzi pamaoneka kachigawo koderapo kuposa bandi A yonse. Wophunzira amene akufunafuna chigawo H pachithunzi chotere amasokonezeka poona pakati pada m'malo mowala, osadziwa kuti chimenecho n'chizindikiro cha kufupika kwambiri. Pa 1.6 bandi I yatheratu, nsonga za maulusi onenepa zagunda mizere Z. Kupitirira apo ndi kukanikizana chabe, maulusi onenepa n'kumapindika kunsonga.

Njira yobwerera nayo imawerengeka chimodzimodzi. Mukaikoka sakomiya mpaka 3.6, bandi I imakhala 2.0 ndipo chigawo H chimakhala 1.6, kufanana ndendende ndi bandi A. Tanthauzo lake n'lakuti maulusi oonda atulukiratu, palibenso pamene mitundu iwiriyo yalowana.

Mnofu wa munthu umasiyanako pa nambala imodzi. Ulusi wake wonenepa ndi 1.6 womwewo, koma woonda ndi wotalikirapo, pakati pa 1.2 ndi 1.3, choncho chigawo H chimatsekeka sakomiya ikadali pafupifupi 2.5. Funso likakupatsani utali wa ulusi woonda, chulukitsani umenewo kawiri n'kuuika m'malo mwa 2.0. Kaganizidwe kake sikasintha.

Zithunzi ziwiri pa desiki

Nayi nkhani imene ndimakonda kuika patsogolo pa ophunzira, chifukwa imasiyanitsa womvetsa ndi woloweza. Muli ndi zithunzi ziwiri za mnofu wa mtundu umodzi ndi lula. Pa choyamba, kuchokera pa Z kufika pa Z pali mamilimita 60, ndipo bandi A ndi mamilimita 40. Pa chachiwiri, Z kufika pa Z ndi mamilimita 75, bandi A ndi mamilimita 60. Kodi chokungika n'chiti?

Ambiri amathamangira kuloza choyamba, ati chifukwa 60 ndi yochepa poyerekeza ndi 75. Koma bandi A siisintha, ndiye ngati pa pepala lina ili 40 ndipo pa lina ili 60, zithunzizo sizinakulitsidwe mofanana. Bandi A ndiyo lula wanu weniweni. Pa chithunzi choyamba mamilimita 40 akuimira 1.6, ndiye mamilimita 60 akuimira kamodzi ndi theka ka 1.6, kumene ndi 2.4. Pa chachiwiri mamilimita 60 akuimira 1.6, ndiye 75 akuimira kamodzi ndi kota, kumene ndi 2.0. Chithunzi chachiwiri, chimene chikuoneka chachikulu pa pepala, ndicho cha mnofu wofupika. Mukachiyang'anitsitsa mupeza umboni wina: bandi I ndi yopyapyala poyerekeza ndi bandi A, ndipo chigawo H chatsekeka.

Ndikuti chatsekeka, komabe wina adzaona kamzere kowala mbali zonse za mzere M n'kunena kuti chigawo H chikadalipo. Ayi. Ulusi wonenepa uli ndi timitu ta mayosini totuluka m'mbali mwake, koma pakati pake penipeni pali kachigawo ka pafupifupi 0.15 mpaka 0.2 kopanda timitu. Kachigawo kameneka kamaoneka kowalirapo nthawi zonse, ndipo kukula kwake sikusintha mnofu ukafupika chifukwa ndi mmene ulusiwo unapangidwira. Chigawo H chenicheni chimadziwika ndi malire ake, amene ndi nsonga za maulusi oonda, ndipo malirewo amayenda.

Chithunzi china chimene chimafunsidwa ndi cha mnofu wodulidwa mopingasa, pamene maulusi amaoneka ngati madontho. Madontho aang'ono okhaokha ndiye kuti mpeni wadutsa mu bandi I. Aakulu okhaokha, wadutsa m'chigawo H. Aakulu ndi aang'ono pamodzi, dontho lalikulu lililonse litazunguliridwa ndi aang'ono asanu ndi limodzi, wadutsa pamene maulusi alowana. Ndiye mu sakomiya ya chule yofupika kufika 2.0, palibe pamene mungadule n'kupeza madontho aakulu okha.

Chimakoka n'chiyani

Kukokako kumachitidwa ndi timitu ta mayosini tija. Ulusi wonenepa umodzi uli ndi mamolekyu a mayosini pafupifupi 300, ndipo anagona mwakuti a theka la kumanzere amaloza kwina, a theka la kumanja amaloza kwina. N'chifukwa chake mbali zonse ziwiri zimakokera maulusi oonda ku mzere M, m'malo mwakuti sakomiya yonse iziyenda mbali imodzi.

Mnofu ukamapuma, malo amene kamutu ka mayosini kangagwire pa akitini amakhala otchingidwa ndi puloteni ina yoonda, tiropomayosini. Uthenga ukafika kuchokera ku mtsempha wa ubongo, timatumba ta m'kati mwa selo timatulutsa kashiamu. Kashiamuyo amagwira pa tiroponini, tiroponini n'kusuntha tiropomayosini, malo aja n'kutseguka. Kamutu kamagwira akitini, kamapendekeka n'kukoka ulusi woonda mtunda wa pafupifupi mananomita 10, poti mu mayikiromita imodzi muli mananomita 1,000, kenaka molekyu ya ATP, imene imanyamula mphamvu m'selo, imabwera n'kukamasula. Kakaphwanya ATP ija kamabwerera mmene kanalili, kokonzeka kugwiranso patsogolo. Timitu sitigwira kapena kusiya nthawi imodzi. Tina tikasiya tina timakhala titagwira, apo ayi ulusi ukanamabwerera m'mbuyo.

Mtunda wa mananomita 10 ndi wochepa zedi, ndiye tiuyerekeze ndi masamu athu aja. Sakomiya ikachoka pa 2.4 kufika pa 2.0, theka lililonse layenda 0.2, amene ndi mananomita 200, kapena kukoka kotsatizana pafupifupi maulendo 20. Tsono tengani selo la mnofu lotalika masentimita 12. Pa 2.4 lili ndi masakomiya 50,000 pamzere umodzi. Iliyonse ikataya 0.4, onse pamodzi ataya mamayikiromita 20,000, amene ndi masentimita 2. Pamene mayi akunyamula ndowa pamjigo, chigongono chimapindika chifukwa cha kuphatikizana kwa timitunda totere, ndipo fupa limasandutsa masentimita ochepawo kukhala mtunda waukulu ku dzanja.

Ntchito ya ATP yomasula timitu imafotokozanso chinthu chimene aliyense amene anaphapo mbuzi amachidziwa. Pakapita maola angapo nyama imauma gwa, miyendo osapindika. ATP yatha m'maselo, kashiamu watuluka, timitu tagwira akitini ndipo palibe chotimasula. Mabandi amangoima pamene imfa yawapeza kapena atafupikako pang'ono.

Mmene zinadziwikira

Chaka cha 1954 chisanafike, akatswiri ambiri ankaganiza kuti maulusi a mu mnofu amapindikapindika kapena kukhwinyata kuti mnofu ufupike. Chaka chimenecho magazini ya Nature inasindikiza malipoti awiri pa tsiku limodzi. Lina linali la Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke, amene anayeza maselo amoyo a mnofu wa chule ku Cambridge. Lina linali la Hugh Huxley ndi Jean Hanson, amene ankagwira ntchito ku yunivesite ya MIT ku America pa tizingwe ta mayofayibulo topatulidwa. A Huxley awiriwa sanali pachibale. Magulu onse awiri anaona chinthu chomwechi: mnofu kaya ufupike kaya ukokedwe, bandi A imakhala mmene inalili, bandi I ndiyo imasintha. Maulusi akanakhala kuti amakhwinyata, bandi A imene muli mayosini ikanafupika. Kusasintha kwakeko ndiko kunali umboni.

Mu 1966 Andrew Huxley pamodzi ndi Albert Gordon ndi Fred Julian anayeza mphamvu imene selo la chule limatulutsa pa utali wosiyanasiyana wa sakomiya, ndipo zotsatira zake zinagwera pa manambala amene tawerengera aja. Pa 3.65, pamene maulusi salowananso, mphamvu inali ziro. Sakomiya ikamafupika kuchoka apo, mphamvu inkakwera molingana ndi kuchuluka kwa timitu tofikira akitini, mpaka pafupifupi 2.25. Kuyambira pamenepo mpaka cha pa 2.0 mphamvu inkaima pamalo amodzi, ndipo chifukwa chake ndi kachigawo kopanda timitu kaja: nsonga za maulusi oonda zikulowabe, koma kumene zikulowako kulibe timitu tatsopano togwira. Kutsika pa 2.0 mphamvu inayamba kuchepa chifukwa maulusi oonda akudutsana n'kumasokonezana, ndipo cha pa 1.67, pamene maulusi onenepa agunda mizere Z, inagwa mofulumira mpaka kutha cha pa 1.27.

Pamene yankho loloweza limanama

Lamulo lakuti bandi I ndi chigawo H zimachepa ndi loona pokhapokha mnofu ukamafupika. Koma mnofu utha kugwira ntchito yamphamvu osafupika. Mayi uja akanyamula ndowa ya malita 20 n'kuigwira chiimire, chigongono chitapindika osasuntha, kashiamu watuluka, timitu tikugwira ndi kusiya, ATP ikutha, mkono ukutopa, koma utali wa mnofu uli pomwepo. Masakomiya amafupika pang'ono chabe poyamba, pokunga mtsempha umene umalumikiza mnofu ku fupa, kenaka mabandi amaima. Chithunzi cha mabandi pachokha sichingakuuzeni ngati mnofu ukukoka kapena ukupuma. Chimangokuuzani utali umene uli.

Chodabwitsa kwambiri chimachitika potsitsa katundu. Bambo amene akutsitsa thumba la chimanga la makilogalamu 50 pangolo pang'onopang'ono, kuti lisaphulike pansi, minofu ya kutsogolo kwa mikono yake ikukoka ndi mphamvu zonse koma ikutalika, chifukwa katundu akuigonjetsa. M'masakomiya ake mizere Z ikutalikirana, bandi I ndi chigawo H zikukula, ngakhale timitu ta mayosini tili pa ntchito. Timituto timagwira akitini kenaka n'kukokedwa mokakamiza mpaka kusiya. Bandi A yokha ndiyo ili chimodzimodzi, apanso.

Ntchito ya mtundu umenewu ndiyo imavulaza masakomiya kwambiri. Pamzere wa masakomiya zikwizikwi, si onse ali ndi mphamvu zofanana. Imene yatalika kale kupitirira malo ake amphamvu imakhala ndi timitu tochepa togwira, motero ikakokedwa imafookeratu n'kutalika kuposa anzake, mwina mpaka maulusi kusiyana, n'kutsala ikugwiridwa ndi taitini. Akatenga kachidutswa ka mnofu wotere n'kukayang'ana pa mayikulosikopu ya ma elekitironi, amapeza malo ena mizere Z yataya kuwongoka kwake, yakhala yokhotakhota kapena yomwazikira m'bandi I, ndipo mabandi a tizingwe toyandikana salinganananso. Munthu amene watha miyezi osakwera phiri, akakwera la Kasungu, ntchafu zimadzamupweteka kwambiri tsiku lachiwiri lake, ndipo chochititsa chachikulu ndi ulendo wotsika, pamene minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imakoka ikutalika pa sitepe iliyonse. Ambiri amanamizira asidi wa lakitiki, koma ameneyo amakhala atachoka m'thupi pakangotha ola limodzi kapena awiri. Ululu wa mawa ndi mkuja umatsatira kuwonongeka kwa tizingwe ndi kutupa kumene kumabwera thupi likamakonza, ndipo munthu akabwereza ulendo womwewo patapita sabata imodzi kapena ziwiri, kuwonongekako kumakhala kochepa ndithu.